Lekani kuyeza mankhwala a tiagalu ndi maso!

Sabata yatha ndinaitanidwa kukaona tiagalu tinayi ta masabata anayi. Ndinapeza tiwiri tauma kale. Tiwiri tinato tinali thapsa pansi, dovu likuchucha, maso ali tong'o koma osaona, ukatidzutsa tikudzandira ngati taledzera. Nditafunsa chachitika, mwini wake, munthu wamkulu ndithu wa imvi zake, anatulutsa botolo la ayivamekitini, uja timabaya ng'ombe. Akuti tinali kudzikanda, mimba zitatupa, ndiye anati atithandize. Ndinafunsa kuti, "Bambo, mwatibaya wochuluka bwanji?" Iwo osachita n'komwe manyazi, "Pang'ono chabe, theka la mililita kalikonse."

Pang'ono chabe! Kodi pang'ono ameneyu munamuyeza ndi chiyani? Mawu amenewa atha ana a agalu ndi amphaka ambiri, inu mukuti mukupha njoka za m'mimba.

Tiyeni tiwerengere limodzi, popeza masamu ake mwana wa pulayimale angathe. Ayivamekitini wa ng'ombe uja, wolembedwa 1% pabotolo, ali ndi mamiligalamu 10 mu mililita imodzi. Mlingo wake ndi mamiligalamu 0.2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, n'chifukwa chake mililita imodzi imakwanira ng'ombe ya makilogalamu 50. Kagalu kamene ndinanyamula kaja, nditakaika pa sikelo, kanangokwana kilogalamu imodzi. Ngakhale tikanati tikapatse pa mlingo wa ng'ombe womwewo, kakanalandira mililita 0.02, kadontho koti pa sirinji wamba simungakaone n'komwe. Iwo anakabaya 0.5. Ndiye kuti mamiligalamu 5 m'malo mwa 0.2, kuwirikiza ka 25. Mankhwala a mwana wa ng'ombe wa makilogalamu 25 kuthira m'kanthu kokwana m'dzanja! Inu mungamwe mapilitsi 25 dokotala atakuuzani limodzi?

Komatu musathamange n'kunena kuti vuto linali masamu okha. Ngakhale akanawerengera bwino, kagalu ka masabata anayi sikayenera kulandira ayivamekitini. Apa ndiye pamene ambiri mumagwera, ngakhale inu ophunzira amene mumanyadira kuti mumadziwa za mg/kg, kutanthauza mamiligalamu pa kilogalamu. Mumatenga mlingo wa galu wamkulu, n'kugawa molingana ndi kulemera, basi mwati zatheka. Kagalu si galu wamkulu wochepetsedwa ayi. M'kati mwake zinthu sizinakhwime.

Chiwindi ndicho chimaphwanya mankhwala ambiri kuti thupi liwataye. Pobadwa, ntchito imeneyi imakhala idakali yofooka, ndipo imakula pang'onopang'ono m'masabata ndi miyezi yoyambirira. Mankhwala amene galu wamkulu amakhala atawachotsa pofika madzulo, mwa kagalu amakhala akuzungulirabe m'magazi mawa lake. Inu osadziwa, m'mawa mukuwonjezera ena pamwamba pa adzulo, mkuja enanso. Tsiku lililonse mlingo ukuoneka wolondola papepala, koma m'thupi akuunjikana. Tsiku lachitatu kanthu kaja kagona osadzuka, inu n'kumati matenda akula, n'kuwonjezeranso! Chiwindi chomwechi ndicho chimapanga mapuloteni a m'magazi amene amagwira gawo la mankhwala kuti asagwire ntchito onse nthawi imodzi. Mwa ana mapuloteniwa ndi ochepa, choncho mankhwala ambiri amayenda momasuka. Impso nazo, zimene zimasefa zotsalira, mwa kagalu zimakhala zikupangikabe m'masabata awiri kapena atatu oyambirira. Ndiye pali mpanda umene umatchinga ubongo kuti zinthu za m'magazi zisalowe mwachisawawa. Mwa ana aang'ono mpandawu ndi wosalimba, ndipo ayivamekitini akalowa mu ubongo ndiye dovu lija, khungu lija, kukomoka kuja. Mankhwala osukulutsa poizoni ameneyu kulibe. Timangothandiza ndi madzi, kufunditsa ndi kudyetsa, n'kumadikira chiwindi chosakhwima chomwecho kuti chimalize ntchito.

Wina ati, ndiye tizingochepetsa mlingo pa mankhwala alionse. Nakonso n'kulakwa. Thupi la kamwana lili ndi madzi ambiri poyerekeza ndi la wamkulu, moti mankhwala ena osungunuka m'madzi amasukuluka, ndipo dokotala wa ziweto atha kusiya mlingo momwemo koma n'kutalikitsa nthawi ya pakati pa kumwa. Kudziwa kuti awa tichepetse, awa titalikitse, awa tisapereke n'komwe, ndiye ntchito imene munthu amakhalira zaka kusukulu. Inu mwaiphunzira kuti? Kwa mnzanu amene galu wake anapulumuka mwamwayi?

Za amphaka ndiye musandiyambe. Ndi kangati ndamva kuti, "Kanali kotentha thupi, ndinangobenthula kachidutswa ka parasetamo"? Mphaka, ngakhale wamkulu, chiwindi chake chimalephera kuchotsa parasetamo monga chimachitira cha munthu, ndipo sichidzatha ngakhale akule bwanji. Mamiligalamu 10 okha pa kilogalamu atha kumuvulaza. Pilitsi ndi la mamiligalamu 500. Mukaligawa panayi, kachidutswa kanu kali ndi 125. Kamphaka ka magalamu 500 ndiye kalandira mamiligalamu 250 pa kilogalamu. Pakapita maola ochepa nkhama zimada ngati dothi, nkhope ndi mapazi zimatupa, kupuma kukhala kobanika, chifukwa magazi aleka kunyamula mpweya. Mukaona zimenezi thamangani nako kwa dokotala wa ziweto nthawi yomweyo, botolo kapena pepala la mankhwala lili m'manja, chifukwa pa parasetamo chothandizira chilipo ngati mwafulumira. Osati kuyamba kukamwetsa mkaka ndi mafuta, n'kukatsamwitsanso.

Kuchita bwino kwake n'kovuta pati? Tengani fenibendazolo, mankhwala a njoka za m'mimba amene amaloledwa kwa tiana. Mlingo wake ndi mamiligalamu 50 pa kilogalamu, kamodzi patsiku, masiku atatu. Ikani kagalu m'mbale pa sikelo yowerenga magalamu. Tinene kuti kakwana magalamu 800, omwe ndi makilogalamu 0.8. Chulukitsani 0.8 ndi 50, mupeza mamiligalamu 40. Tsopano werengani botolo, musalote. Ngati palembedwa 10%, mililita imodzi ili ndi mamiligalamu 100, ndiye mupereka mililita 0.4. Ngati palembedwa 2.5%, mililita ili ndi 25 okha, ndiye mupereka 1.6. Dzina limodzi, mabotolo awiri, kusiyana kanayi. Amene amaloweza kuti "timapereka mwakuti" osayang'ana mphamvu ya botolo, tsiku lina adzapha kapena adzapereka madzi chabe. Yezerani ndi sirinji yaing'ono ya mililita imodzi, yochotsa singano. Supuni isiyeni, ndi ya tiyi.

Ndipo kalikonse kakwere sikelo pakokha, chifukwa tobadwa tsiku limodzi sitilemera mofanana. Mubwerezenso kuyeza nthawi iliyonse mukufuna kupereka mankhwala. Kagalu kathanzi kamawirikiza kulemera kwake kobadwa nako m'masiku 10 oyambirira, ndiye nambala ya sabata yatha lero ndi bodza.

Mwa tiwiri tija, kamodzi kanatsitsimuka patapita masiku, koma kachiwiri kanatsatira anzake akufa aja usiku wa tsiku limene ndinapitako. Pochoka ndinaona botolo lija labwezeredwa pashelefu bwinobwino, sirinji ili pambali pake, kudikira mphaka amene ali ndi bere pakhomopo. Sikelo mulibe, kuwerenga botolo simufuna, kufunsa mukuti n'kutaya nthawi. Ndiye chotsani manja anu pa tiana timeneti!