Asungichuma ndi apampando a kuno ku Mangochi, lekani kusaina mapepala a kubanki musanawerenge

Wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndakalambira m'mabuku a ndalama, ndipo zaka zanga zambiri zauodita ndazithera m'maofesi a mabungwe a kuno kwathu, kuyambira pa boma mpaka ku Monkey Bay, Namwera ndi Makanjira. Chimene chandiyankhulitsa lero ndi chizolowezi chimene chamera mizu pakati panu. Mwezi ukatha kalaliki amabweretsa pepala loyanjanitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya kubanki, lija mumalitcha rikonsiliyeshoni. Inu mumangoyang'ana pansi penipeni, mwaona manambala awiri afanana, basi mwasaina, mwapita kunsima. Abale anga, manambala kufanana si umboni woti ndalama zilipo. Mwana aliyense wodziwa kuwonkhetsa angathe kuwafananitsa.

Ndikuuzeni zimene ndinapeza pa gulu lina la ogulitsa nsomba m'mbali mwa nyanja muno. Dzina sinditchula, eni ake akudzidziwa. Chaka chawo cha ndalama chimatha pa 31 Malichi. Tsiku limenelo sitetimenti inkaonetsa K8,450,000, pamene buku lawo, kashibuku, linkanena K7,980,000. Kusiyana kotereku pakokha si mlandu, chifukwa nthawi imeneyo cheke chinkachotsedwa m'buku tsiku lomwe chalembedwa, koma banki inkachidziwa tsiku limene mwini wake wapita nacho. Kalaliki anachotsa K1,720,000 ya macheke amene anati sanafike kubanki, nawonjezera K1,250,000 imene anati yasungitsidwa koma sinaonekere, ndipo yankho linatuluka K7,980,000 ndendende. Wapampando anasaina, msungichuma anasaina, chidindo chinamenyedwa. Pepalalo linali lokongola ngati setifiketi ya ukwati.

Ntchito ya odita imayambira pamene inu mwalekera. Sindifunsa ngati pepala lafanana. Ndimatenga mzere uliwonse umene wafananitsa pepalalo n'kuufunsa mafunso awiri: unabadwa liti, nanga unathera kuti? Yankho limakhala m'sitetimenti ya mwezi wotsatira, ndipo sitetimentiyo ndimaitanitsa ndekha kubanki ndi kalata yosainidwa ndi eni akaunti. Ya m'manja mwa kalaliki sindiidalira, poti masiku ano pepala lochokera pakompyuta munthu amalisintha mosavuta.

Macheke aja anali m'mizere inayi. Cha K380,000 chinalembedwa pa 26 Malichi ndipo chinatuluka kubanki pa 4 Epulo. Cha K290,000 cha pa 28 Malichi chinatuluka pa 9 Epulo. Awiriwa analibe vuto, ndinadutsa. Chachitatu, cha K450,000, chinali cha pa 12 Ogasiti chaka chapitacho. Werengani nokha miyeziyo. Nthawi imeneyo cheke chikapitirira miyezi isanu ndi umodzi kuchokera tsiku lolembedwa pamenepo, banki sinkachilandiranso, chinkakhala chatha ntchito. Ichi chinafa pa 12 Febuluwale, koma chinkangokoperedwa mwezi ndi mwezi kuchoka pa pepala lakale kupita pa latsopano, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti kodi munthu ameneyu ndalama zake sakuzifuna bwanji.

Funso limenelo ndi lofunika kuposa lamulo la miyezi lija. Cheke chimenechi chinali cha makaniko wokonza injini za maboti. Ndani kuno amene angasunge K450,000 m'thumba miyezi isanu ndi iwiri, kwacha ikutsika mphamvu chonchi? Munthu akapanda kutapa cheke ndiye kuti mwina sanachilandire, mwina chinatayika, mwina analipidwa kale njira ina, kapena munthuyo kulibeko n'komwe. Titatsegula dirowa ya kalaliki tinachipeza chili momwemo, chosainidwa bwinobwino, chitapindidwa pansi pa malisiti akale. Makaniko uja anali atatopa n'kulondalonda, anangosiya kuwagwirira ntchito, iwo n'kumadabwa kuti bwanji sabweranso.

Kukonza kwake n'kosavuta koma ambiri mumalakwitsa. Ndalamayo imabwezedwa m'buku ngati yomwe ikadali kubanki, ndipo mbali inayo imalembedwa kuti ndi ngongole imene gulu likadali nayo kwa makaniko. Cheke chakufacho chimadulidwa mizere n'kusungidwa m'failo, ndipo chikakhala kuti chili kunja mumalembera banki kalata yoletsa kulipira. Chimene chafa ndi pepala, ngongole ija ili moyo. Ndaonapo ena akuilemba ngati phindu la gulu, n'kuomberana m'manja pa msonkhano wapachaka. Imeneyo ndi ndalama ya mwini. Ndipo chenjerani ndi cheke cholowa m'malo mwa chakale, chifukwa pamenepo m'pamene akathyali amalembapo dzina la mlamu wawo, podziwa kuti m'buku ndalamayo inatuluka kalekale ndipo palibe adzaifunse.

Mzere wachinayi ndi umene unandikhazika pansi. Unangolembedwa kuti "macheke ena", K600,000, wopanda nambala ya cheke, wopanda dzina, wopanda tsiku. Ndinapempha buku la macheke kuti ndione zitsa zake, zotsalira zija, koma panalibe chitsa cha ndalama imeneyo. Apa ndinasintha njira. Ambiri mumatenga buku n'kumafufuza zinthu zake mu sitetimenti, osabwereranso. Muyenera kuyendanso ulendo wobwerera, kuchokera mu sitetimenti mzere ndi mzere kupita m'buku, chifukwa chinthu chimene sichinalembedwe m'buku simungachipeze poyambira m'buku momwemo. Pa 14 Febuluwale panali K600,000 imene inalowa mu akaunti kuchokera kwa kasitomala wa ku Limbe amene amatenga usipa wouma pangongole. Iye anatumiza yekha kubanki, risiti silinalembedwe, m'buku simunalowe kanthu. Kalaliki ataona kuti pepala lake likusiyana ndi K600,000, m'malo mofufuza anangopeka mzere woti litseke.

Mwina mukuti palibe chinatayika, ndalama zinali kubanki. Imvani tsono. Kwa milungu isanu ndi umodzi gululo linkaimbira foni munthu amene analipira kale, mpaka kumuopseza kuti sadzapatsidwanso nsomba. Kupitirira apo, ndalama imene buku silikuidziwa ndi ndalama yamasiye. Wina akanatapa K600,000 yomweyo osalemba m'buku, zolowa ndi zotuluka zikanafafanizana, pepala likanafanana popanda ngakhale mzere wopeka uja, ndipo wongoyang'ana pansi sakanaona kalikonse. Amene mukukumbuka Kashigeti ya 2013 mukudziwa kuti kumeneko malipiro ankatuluka kenako n'kufufutidwa m'makompyuta a boma, koma kubanki mapazi ake anatsala. N'chifukwa chake sitetimenti timaiwerenga yonse, osati nambala yomaliza yokha.

Tsopano K1,250,000 ija imene ankati ili m'njira. Buku linkati inapita kubanki pa 27 Malichi. Sitetimenti inaionetsa pa 16 Epulo, ndipo silipi yosungitsira inali ndi chidindo cha banki cha 16 Epulo yemweyo. Masiku 20. Ndalama ya m'manja ukaipereka kwa telala imaonekera mu akaunti tsiku lomwelo, ikachedwa ndiye tsiku lantchito lotsatira. Cheke cha banki ina chinkatha kutenga masiku angapo, zimenezo timazidziwa. Ndimamvetsanso za anzathu a ku Makanjira, amene nthawi ya dzinja msewu ukavuta amadikira ndithu asanafike pa boma, ngakhale iwonso ayenera kulemba tsiku lenileni limene ndalama yafika kubanki, osati limene yachoka m'ofesi. Koma ofesi imene ndikunenayi ili pamtunda woti kabaza amakufikitsa kubanki tiyi asanazizire. Masiku 20 ndalamayo inkayenda njira yanji?

Kuti ndidziwe, ndinaika buku la malisiti pambali pa masilipi a miyezi itatu. Chithunzi chinaoneka chokha. Ndalama za sabata ino zinkasungitsidwa ndi ndalama zolandiridwa sabata ziwiri kutsogolo, ndipo za sabata ziwiri kutsogolozo zinkadikiranso zina. K1,250,000 ya pa 16 Epulo inasonkhanitsidwa kuchokera ku malonda a mu Epulo momwemo, kukumba dzenje kuti ukwirire lina. Chizindikiro chake n'chakuti kuchedwako kumakula mwezi ndi mwezi: mu Januwale anali masiku asanu, mu Febuluwale khumi ndi awiri, mu Malichi makumi awiri. Titamukhazika pansi kalalikiyo pamaso pa komiti anavomera kuti ankagulira usipa wake pa doko n'kumatumiza ku Lilongwe, akuti abweza akagulitsa. Ulendo wina nsomba zinanyowa m'njira, mpamba unathera pomwepo, dzenje linatsala.

Mnyamatayo analakwa, koma ine mkwiyo wanga uli pa inu akuluakulu. Munthu mmodzi yemweyo ndiye ankalandira ndalama, kulemba risiti, kupita kubanki, kulemba kashibuku ndi kukonza rikonsiliyeshoni. Mbuzi imadya pamene aimangirira, ndipo chingwecho munamanga ndinu. Nditafunsa msungichuma chifukwa chake sankaona masilipi, anati, "Bambo odita, mwanayu ndi mphwanga, ndinamulera ndekha, kumufunsa silipi kukanakhala ngati ndikumutcha wakuba." Ndinawayankha kuti, "Achimwene, mukanamufunsa mu Januwale bwenzi lero tikukamba za masiku asanu, osati za K1,250,000 ndi mbiri ya mwana wa mlongo wanu."

Titakonza zonse, buku linayenda chonchi. Pa K7,980,000 tinawonjezera K600,000 ya ku Limbe ndi K450,000 ya cheke chakufa, n'kuchotsa K1,250,000 imene pa 31 Malichi sinali kubanki, sinalinso mu sefa, koma inali ngongole ya kalaliki. Zinatsala K7,780,000. Mbali ya banki, pa K8,450,000 tinachotsa macheke awiri enieni aja okwana K670,000, n'kutsalanso K7,780,000. Taonani bwino apa: nambala yoona inasiyana ndi yabodza ija ndi K200,000 yokha. Wongoyang'ana pansi akanati n'zazing'ono, chonsecho mkati mwake munali zolakwika zitatu zokwana K2,300,000 zimene zinkaphimbirana.

Komiti ija tsopano inagawa ntchito. Wopita kubanki ndi wina, woyanjanitsa ndi wina, ndipo pa pepala lililonse mzere uliwonse umakhala ndi nambala, dzina ndi tsiku. Wapampando amasaina atagwira sitetimenti ya mwezi wotsatira m'dzanja linalo, ndipo cheke chikafika miyezi itatu chisanatapidwe amaimbira mwini wake foni. Makaniko uja analipidwa mu Meyi kudzera ku akaunti yake. Mnyamata akubwezabe pang'onopang'ono, ndipo malume ake anatula pansi udindo pa msonkhano wotsatira.