Munthu akamateteza kwambiri chimene anasankha, mwina mumtima akuchikayikira

Maganizo anga lero akupita kwa ife amene timakonda kunena kuti "tinakuuzani" munthu akagwa m'mavuto chifukwa cha chisankho chake. Timaganiza kuti tikamuunjikira umboni agonja. Koma nthawi zambiri umboni ukamachuluka m'pamene munthu amalimbikira, ndipo amalimbikira chifukwa mumtima mwake wayamba kale kugwirizana nafe. Ndimamva chisoni ndikaona mabanja akudana pa nkhani imene ikanatha bwino tikanadziwa zimene zikuchitika m'mutu mwa mnzathuyo.

Pali bambo wina wa ku Senga Bay kuno ku Salima, mlimi wa mpunga amene ankalakalaka kukhala ndi chilimira chake. Atakolola anagulitsa matumba 40 a mpunga, nawonjezera ndalama za ku banki m'khonde, n'kugula injini ya boti yogwiritsidwa kale ntchito, ya mahosipawa 15. Akazi awo anati ayambe aionetsa kwa makaniko. Achimwene awo anati adikire chaka china agule yatsopano. Iwo anakana pamaso pa onse, nati injini akuidziwa ndi iwo, waimva kulira ndi iwo.

Mwezi usanathe zizindikiro zinayamba kuoneka. Kuti ilire, alovi ankakoka chingwe mpaka mikono kuwawa. Ikalira inkafuka utsi wambiri, mapulagi ankada msanga, ndipo petulo amene boti la anzawo limapita naye kukapha usipa n'kubwerera, iwo ankawathera panjira. Makaniko atatsegula anawauza mosabisa kuti, "Madala, pisitoni ndi maring'i zatha, mphamvu mulibe. Tikapanda kuiphwasula yonse muzingotaya ndalama pa mapulagi."

Kuyambira tsiku limenelo m'mutu mwa bamboyo munali mfundo ziwiri zosakhalira pamodzi. Yoyamba: ine ndine munthu wanzeru, sindiponyera ndalama za banja langa m'madzi. Yachiwiri: ndagula chinthu chakutha ndi thukuta la chaka chonse, anthu atandiletsa. Mfundo ziwirizi zikakumana, mtima sukhazikika, tulo sitibwera, munthu amapsa mtima ndi kanthu kochepa. Kusautsika kumeneku n'kumene akatswiri a za maganizo amakutcha kogonitivu disonansi. Amene anaifotokoza bwino nkhaniyi ndi Leon Festinger wa ku America, m'buku lake la mu 1957. Iye anati kusagwirizana kwa maganizo kumamuvutitsa munthu moti amakakamizika kuchitapo kanthu kuti kuchepe, ndipo kawirikawiri amasankha njira yosawawa kwambiri, ngakhale isakhale yoona.

Njira yoona inalipo: kuvomera kuti injini ndi yakutha, kuikonzetsa yonse kapena kuigulitsa motsika mtengo. Koma njira imeneyo imafuna kuti munthu ayang'ane akazi ake m'maso n'kunena kuti munanena zoona. Ndiye bamboyo anatenga njira zina. Anayamba kunena kuti vuto ndi petulo wa m'zigubu, ogulitsa amathiramo zina. Atagula wa pa filing'i siteshoni vuto osasintha, anati alovi ndi amene sadziwa kusakaniza oyilo. Atasintha alovi, anati ndi mwera, injini iliyonse imavutika nyanja ikawinduka. Kenaka anayamba kunong'ona kuti pali ena padoko amene sakuwafunira zabwino. Taonani kuti zifukwa zinkasintha sabata ndi sabata, koma mfundo yakuti injini ndi yabwino sinkasuntha. Kwa makaniko uja anasiya kupitako, n'kupeza wina amene ankangosintha mapulagi osanena zambiri. Kope limene akazi awo ankalembamo za petulo ndi za usipa wogulitsidwa anati lisiyidwe, likubweretsa phokoso m'nyumba.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti anayamba kuuza anzawo kuti nawonso akagule injini kwa munthu yemweyo. Wina angati ndi nkhanza, koma ine sindikuona choncho. Munthu wina akagula, iwo amapeza mboni yakuti sanalakwitse. Festinger ndi anzake awiri anaona zofanana ndi zimenezi mu 1954, pamene analowa m'kagulu ka mayi wina wa kufupi ndi Chicago amene ankalosera kuti chigumula chidzabwera pa 21 Disembala chaka chimenecho, ndipo okhulupirira adzatengedwa ndi chombo chochokera kumlengalenga. Ena anali atasiya ntchito ndi kugawa katundu wawo. Tsikulo linadutsa popanda kanthu. Malinga ndi zimene ofufuzawo analemba mu 1956, ena mwa amene anataya zambiri sanabalalike, koma analandira uthenga wakuti chikhulupiriro chawo ndi chimene chapulumutsa dziko, ndipo anayamba kuitana atolankhani kuti amve.

Funso limene ine ndimaliona lofunika ndi ili: bwanji si aliyense amene amachita zimenezi? Mlovi amene amakoka chingwe cha injini yomweyo usiku uliwonse savutika kunena kuti ndi yakutha. Sanaisankhe ndi iye, sanatayepo kanthu, ndipo palibe amene anamumva akuiyamikira. Kusautsika kuja kumakula pamene munthu anasankha yekha popanda womukakamiza, pamene analipira zambiri, pamene anthu anaona, ndiponso pamene kubweza sikutheka. Bambo wa ku Senga Bay zonsezi zinamugwera pamodzi.

Za kusankha wekhazi, pali kafukufuku wotchuka wa mu 1959 amene Festinger anachita ndi James Carlsmith ku yunivesite ya Stanford. Ophunzira anapatsidwa ntchito yotopetsa kwa ola lathunthu, kuika timawilo ta ulusi m'thileyi n'kuchotsanso, kenaka kupotokola tizikhomo pang'onopang'ono mobwerezabwereza. Atamaliza anapemphedwa kukauza wotsatira pamzere kuti ntchitoyo ndi yosangalatsa. Ena anapatsidwa dola imodzi, ena madola 20. Pambuyo pake atafunsidwa paokha mmene anaionera ntchitoyo, a dola imodzi ndi amene anati inali yosangalatsako. Wa madola 20 anali ndi chifukwa chomveka: ndinanama chifukwa cha ndalama. Wa dola imodzi analibe pobisala, pakuti ndani anganame chifukwa cha kandalama kotero? Chimene chinatsala n'kudzikhulupiritsa kuti sananame. N'chifukwa chake mtsikana amene anakakamizidwa ukwati amatha kudandaula momasuka kwa ankhoswe, pamene amene anakana malangizo a amayi ake n'kulowa m'banja mwa kufuna kwake amafika kwawo maso atatupa n'kumati zonse zili bwino. Si kuti wachiwiriyu akuvutika pang'ono. Kudandaula kwake kumatanthauza kudziweruza yekha, ndipo mwina ndi iyeyo amene akufunika thandizo mwachangu.

Koma tisathamangire kunena kuti aliyense woteteza chisankho chake akudzinamiza. Pali anthu amene anawerengera bwino, ndipo ife owatsutsa ndi amene sitikudziwa. Komanso kukometsa chimene wasankha si matenda nthawi zonse. Jack Brehm mu 1956 anapatsa amayi zinthu 8 za m'nyumba kuti anene mmene akuzikondera, kenaka aliyense anasankha chimodzi mwa ziwiri kuti atenge. Atafunsidwanso, chimene anatenga anachikweza, chimene anasiya anachitsitsa. Mlimi wa ku Lifuwu amene anazengereza pakati pa kilombero ndi faya, akadzala n'kuyamba kuona ubwino wa chimene wadzala, mtima wake umakhala pansi ndipo amalima ndi mphamvu. Pamenepo palibe choipa. Vuto limabwera pamene kudzitonthozako kukudyabe ndalama zatsopano sabata iliyonse, monga mapulagi ndi petulo uja.

Kusiyanitsa kwake kulipo. Munthu wotsimikiza moona amakuuza chifukwa chomwecho chimene anali nacho asanagule, ndipo ukamufunsa kuti n'chiyani chingamuchititse kusintha maganizo amayankha, mwina kuti ikandidyera petulo wochuluka chonchi kwa mwezi winanso ndiigulitsa. Kope la ndalama saliopa, amalitulutsa yekha. Wokayikira mobisa zifukwa zake zimabadwa atagula kale, chimodzi chikagwa chimabwera china, palibe umboni umene angavomere, ndipo amazemba munthu amene akudziwa zambiri pa nkhaniyo. Funso laling'ono ngati lakuti "kodi lero yalira bwanji?" amalimva ngati chipongwe.

Apa m'pamene ndimadandaula ndi mmene timachitira. Achimwene awo a bamboyo ankawanena padoko, alovi ndi amayi ogula usipa akumva. Mawu aliwonse otero ankakweza mtengo wa kuvomera, pakuti tsopano kugonja sikunali kutaya injini yokha, kunali kutaya ulemu pamaso pa anyamata amene amawalemba ntchito. Amene anatha kuwafika pamtima anali amalume awo, amene anawaitana madzulo ali okha. Za kugula sanazitchule n'komwe ngati mlandu. Anati, "Mphwanga, injini yakale kuimva kulira siisiyana ndi yabwino, wogulitsa amaitenthetsa iwe usanafike. Asodzi akuluakulu anapusitsidwapo. Madzi akatayika saoleka, matumba aja apita. Tiye tione za mwezi wamawa wokha." Kenaka anatenga kope lija n'kuyamba kuwerengera limodzi: petulo wa usiku umodzi, mapulagi a mwezi, masiku amene boti linagona pamtunda anzawo akupha, ndi ndalama ya ku banki m'khonde imene ikudikira. Mbali ina analemba mtengo wa kuiphwasula injini yonse, ndi mtengo umene angaigulitsire mmene ililimu.

Zimene anachita amalumewo zikugwirizana ndi zimene nkhani yonseyi ikunena. Mwa mfundo ziwiri zija zimene zinkalimbana, anateteza yoyamba, yakuti mphwawo ndi munthu wanzeru, kuti yachiwiri ipeze polowera. Munthu akamva kuti angavomere kuti injini ndi yakutha popanda kuvomera kuti iye ndi chitsiru, sakhalanso ndi chifukwa chonamizira petulo kapena mwera. Ndipo chiweruzo anachisiya m'manja mwa mwini wake, chifukwa chimene munthu wasankha yekha n'chimene amachigwiritsa, monga mmene anagwiritsira choyamba chija.

Sikuti njira imeneyi imagwira nthawi zonse. Pali anthu amene anazunguliridwa ndi anzawo ogwa m'mbuna yomweyo, monga amene anaika ndalama m'magulu olonjeza kuchulukitsa ndalama m'masabata ochepa, ndipo madzulo aliwonse amalimbikitsana kuti malipiro angochedwa chabe. Otero savomera msanga ali pagulu, mpofunika kulankhula naye mmodzimmodzi, ndipo ngakhale apo zimatenga nthawi. Komanso pamene pali nkhanza m'banja kapena boti likupita pakati pa nyanja ndi injini yozima yokha nthawi ya mwera, sitingadikire kuti munthu adzavomere yekha. Bamboyo amalume ake anamuuza kuti za kugulitsa kapena kukonzetsa aganize mofatsa, koma boti lisapitenso kutali ndi ana a eni ake injini isanaonedwe ndi makaniko woyamba uja.