Mpira umene mukuonera pafoni unaseweredwa kale

Pali chinthu chimene chimandiwawa ndikamaona anzanga akubetcha mpira uli mkati. Munthu amayang'anitsitsa foni, amaona timu yake yapata kona, n'kuthamangira kuika ndalama kuti chigoli chotsatira chikhala chawo. Iye amaganiza kuti wachita changu, osadziwa kuti konayo inamenyedwa kale.

Zithunzi za mpira zimene zimadzera pa intaneti zimafika mochedwa. Nthawi zambiri zimatsalira ndi masekondi 30 kapena kuposerapo, ndipo netiweki ikamadukaduka zimatsalira kwambiri. Kampani yobetchetsa sidikira zithunzi zanuzo. Imagula uthenga wochokera kwa anthu amene akhala m'bwalo momwemo, amene amadina batani chinthu chikangochitika, ndipo uthengawo umafika m'masekondi ochepa chabe.

Tsono taganizirani bwino za kona ija. Tinene kuti foni yanu yatsalira ndi masekondi 40. Pamene inu mukuona wosewera akuika mpira pakona, kubwaloko zonse zatha. Zikanakhala kuti konayo yabala chigoli, bwenzi kampani itatseka kale, pafoni panu palembedwa Suspended, ndalama yanu osalowa. Ngati yalowa bwinobwino, nthawi zambiri ndiye kuti goloboyi anaugwira mpirawo kapena otseka kumbuyo anauchotsa. Apa m'pamene pagona nkhani yonse: pamene mukanawina mumapeza chitseko chotseka, pamene mwayi wapita mumachipeza chotsegula. Komanso mukadina, tikiti silowa pompo. Kampani imaigwira kaye masekondi angapo, ndipo chikachitika chachikulu pa nthawi imeneyo imaikana kapena kukupatsani maodzi ena.

Musangokhulupirira mawu anga, yesani nokha. Tsiku lina onerani mpira osabetcha. Mukaona mawu akuti Suspended, yambani kuwerenga masekondi mpaka mutaona chigoli, penate kapena kadi yofiira imene yachititsa. Nambala imene mwapezayo ndiyo ikukuuzani kuti mwatsalira bwanji. Amene anayesapo amadziwa mmene zimapwetekera kuona foni itatseka mpira udakali pakati pa bwalo.

Kutseka kumeneku kumakhudzanso Cash Out, batani lotengera ndalama imene kampani ikukupatsani pa tikiti yanu masewero asanathe, ndipo ambiri amaiwala zimenezi. Ndamvapo anthu akunena kuti, "Ndiika zambiri, zikavuta ndituluka." Kutuluka bwanji? Nthawi imene mukufunitsitsa kutuluka, monga adani akapata penate kapena woyimbira akapita kukaona VAR, ndi nthawi yomweyo imene batanilo limafa. Likadzatseguka, ndalama imene ankakupatsani ija yatsika kale. Ine ndimaona kuti ndalama imene simungapirire itapita yonse siyenera kulowa n'komwe, chifukwa khomo lothawiralo makiyi ake sali m'manja mwanu.

Ndiye pali mphindi zoyamba chigoli chikangolowa, pamene mtima umathamanga kuposa mutu. Tiyerekeze kuti timu inayamba ndi maodzi a 1.80, yagoletsa pa mphindi ya 20, ndipo atatsegulanso afika pa 1.25. Munthu amati, "Apa zatha, ndi ndalama yaulere." Tiwerengere limodzi. Mukaika 1,000 pa 1.25, phindu lanu ndi 250. Mukabetcha chonchi kasanu, n'kuwina kanayi, mwapeza 1,000, koma kamodzi kamene mwaluzako kakudyerani 1,000 yemweyo. Ndiye kuti muyenera kulondola maulendo 80 pa 100 alionse kuti mungobweza zanu. Pamenepo kwatsala mphindi 70 za mpira, ndipo chigoli chimodzi chokha chobweza, masewero n'kuthera pomwepo, tikiti yanu yafa. Chigoli munachionacho kampani inachiwerengera kale m'maodziwo, ndipo inachotsaponso gawo lake. Palibe chimene inu mukudziwa chimene iyo sikudziwa.

Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi wambali inayo, amene chigolicho chamuphera tikiti. Iyeyo salingaliranso za mpira. Akungofuna kubweza ndalama yake masewero asanathe, ndiye amaika kawiri pa chigoli chotsatira, kenako pa makona, kenako pa makadi. Ndinakhalapo pafupi ndi mnzanga wina amene analowa kanayi m'masewero amodzi, ndipo ulendo uliwonse ndalama inkakula. Pofika kumapeto sankadziwanso kuti akufuna timu iti igoletse.

Chimene ndimapempha anzanga n'chakuti, ngati mwasankhabe kubetcha mpira uli mkati, lembani ndalama yake masewero asanayambe, ndipo chigoli chikalowa ikani foni pansi kwa mphindi 5. Ngati mukuonabe kuti pali chifukwa cholowera, dikirani nthawi yopuma. Pamenepo mpira waima, ndiye zimene inu mukuona n'zimenenso kampani ikuona.