"Ndili pompano, muzindifunsa" si handova

Anzanga a m'maofesi muno mu Lusaka, mawu akuti "ndili pompano, muzindifunsa" akutipweteka. Munthu akamachoka pakampani amalemba handova yokwana, poti akudziwa kuti sadzapezekanso. Koma akangomusuntha dipatimenti, amalemba mizere isanu basi. Ine ndinachita zomwezo, ndipo amene anavutika si ine.

Kumayambiriro kwa Disembala anandichotsa ku malipiro kundipititsa ku zogula, chipinda chapamwamba m'nyumba yomweyo. Pa handova ndinalemba kuti: adivansi ya adilaiva, K1,500 pamwezi. Sindinaname. Anatenga K6,000 yobweza miyezi inayi, ndipo iwiri inali itadulidwa kale. Chimene sindinalembe n'chakuti tinagwirizana pakamwa ndi abwana kuti Disembala tisadule, chifukwa sukulu zimatsegulira mu Januwale ndipo adilaivawo ali ndi ana atatu ofuna mayunifomu ndi mabuku. Mtsikana amene analowa m'malo mwanga anadula, monga pepala linanenera. Akanandifunsa bwanji chinthu chimene sankadziwa n'komwe kuti chilipo?

Adilaivawo anakwera masitepe ndi pepala la malipiro m'manja, atalipinda kanayi. Sanakalipe. Anangoti, "Madamu, si paja tinapangana?" Mpaka lero mawu amenewo amandiwawa.

Ndiye maganizo anga ndi awa: ntchito za tsiku ndi tsiku musatayirepo nthawi yambiri, wolowayo adzaziphunzira. Lembani zimene zili pakati, zosatha, makamaka malonjezo a pakamwa. Chilichonse chikhale ndi zinayi: chafika pati, chatsala n'chiyani, anavomereza ndani, tsiku lake ndi liti. Mzere wanga uja unayenera kunena kuti: yatsala K3,000, Disembala osadula, kudula kuyambirenso Januwale ndi kutha Febuluwale, anavomereza ndi abwana a zachuma. Ndipo ndikanawapempha abwanawo atsimikize pa imelo ndisanasamuke.

Masiku nawonso lembani enieni. Aliyense wa malipiro amadziwa kuti PAYE ya ZRA, NAPSA ndi NHIMA zimafunika pofika pa 10 mwezi wotsatira. Koma kwathu tsiku logwira ntchito ndi pa 5, chifukwa wosaina wachiwiri amakonda kukhala ku Chipata sabata yachiwiri ya mwezi. Zimenezo sizili m'buku lililonse, zinali m'mutu mwanga mokha.

Pasiwedi yokha musalembemo. Wolowayo amutsegulire akaunti yake, yanu aitseke, apo ayi zonse zimene adzachite zidzaoneka ngati mwachita ndinu.

Ndinabwerera pansi Lachisanu lotsatira, tinakhala limodzi maola awiri, iye akuwerenga mokweza, ine ndikuwonjezera pomwe wakakamira. Handova ya mizere isanu inatuluka masamba atatu. Tinagwirizananso kuti mpaka malipiro a Januwale atatuluka azindipeza Lachiwiri lililonse m'mawa, kenako deskiyo ndi yake. K1,500 ya adilaiva tinawabwezera sabata yomweyo.