Mapiritsi ogonetsa otsala asamakhale poti mwana angafike

Inu makolo, agogo ndi nonse olera ana, khalidwe losiya mapiritsi ogonetsa pawindo, pansi pa pilo kapena m'chikwama cha m'manja lithe. Munthu walandira dayazepamu, amene ena amati valiyamu, chifukwa tulo tinkamuvuta maliro atachitika. Anamupatsa mapiritsi 10 a mamiligalamu 5, wamwa anayi, wapeza bwino, 6 otsalawo akungokhala m'kajumbo ka kuchipatala kaja. Kajumbo kameneko mwana wa zaka ziwiri amakatsegula ndi mano. Akameza onse, ndiye kuti mamiligalamu 30 alowa m'thupi la makilogalamu pafupifupi 12, pamene piritsi limodzi lokha limagonetsa munthu wamkulu. Ndipo ena mwa inu mumanyengerera ana kuti mankhwala ndi switi. Mukuyembekeza chiyani?

Pamwamba pa kabati si pobisika, mwana amakoka mpando. Ikani m'bokosi kapena m'sutikesi ya loko, kiyi akhale kwa wamkulu. Asiyeni m'paketi yake yolembedwa dzina, ndipo muzidziwa kuti atsala angati, chifukwa tsiku la ngozi adokotala adzafunsa zimenezo. Mlendo akafika, chikwama chake chipachikidwe, chisasiyidwe pamphasa.

Nyumba zomwe muli wodwala khunyu zisamale koposa. Fenobabitoni, mankhwala a khunyu, amachedwa kutuluka m'thupi, amatha kugwira mwana masiku angapo ndi kufooketsa kupuma. Koma wodwalayo asasiye kumwa mwadzidzidzi poopa ana, matenda angamugwetse. Chofunika ndi loko basi.

Otsala omwe simukumwanso, abwezeni kufamase ya chipatala kapena komwe munagula. Musapatse mnansi amene akudandaula tulo, musasungire "tsiku lina". Kudzala ndiye ayi, ana athu amasewera komweko, amatola tizibotolo n'kumachitira masanje. Ngati chipatala chili kutali, akhalebe m'bokosi lokiya mpaka tsiku la sikelo, mupite nawo.

Mwana amene wameza mankhwalawa amayenda dzandidzandi ngati woledzera, lilime limalemera, thupi limalobodoka, kenako amagona tulo tosadzutsika bwino. Pamenepa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amati watopa ndi masewera, agone. Mukaona kuti akupuma pang'onopang'ono kapena milomo yasintha mtundu, zafika poipa. Musamusanzitse ndi chala kapena madzi amchere, musamumwetse mkaka kapena mafuta ophikira, chifukwa mwana wosinza amatsamwa, zinthuzo n'kulowa m'mapapo. Makala a pambaula si mankhwala. Akuchipatala ali ndi awo okonzedwa mwapadera, ndipo amathandiza makamaka mu ola loyamba. Mukangopeza kajumbo kolumidwa, ngakhale mwanayo akusewera bwinobwino, nyamukani nthawi yomweyo, usiku kapena masana. Panjira mugoneke chammbali, osati kumubereka mutu uli lende kumbuyo komwe simukumuona. Tengani paketiyo ndi mapiritsi otsala, ndipo mukanene nthawi imene mukuganiza kuti anameza.