Ndalama zomwe zili pa sikirini ya foni si ndalama za m'manja

Ndakhala ndikusunga buku la chipereganyu chathu kuno ku Turffontein kwa zaka zingapo, ndipo mwezi wathawu mlamu wanga, yemwe amagwira ntchito m'nyumba ku Randburg, atalandira gawo lake anandiuza kuti ulendo uno satumiza kumudzi kukagula malata monga tinagwirizanira, chifukwa wapeza gulu la pa WhatsApp lomwe likuchulukitsa ndalama kudzera mu malonda a kiripito, ndalama za pa intaneti monga Bitcoin. Anandionetsa foni yake mokondwa kwambiri. Ndalemba izi iye atandilola, chifukwa ndikuona kuti magulu oterewa akutidya ife Amalawi a ku Joni kuposa ena, ndipo zizindikiro zake zimaonekera poyera munthu akangokhala pansi ndi cholembera.

Lonjezo linali lakuti munthu akaika R3,000 azilandira 2 peresenti tsiku lililonse, ndiye kuti R60 pa tsiku, ndipo phindulo silisintha kaya msika wakwera kaya watsika. Chizindikiro choyamba chili pomwepo. Mtengo wa Bitcoin umatha kukwera kapena kugwa kwambiri tsiku limodzi lokha, ndipo palibe wamalonda woona amene angalumbire kuti mawa apindula chimodzimodzi ngati lero. Ndinamupempha kuti tiwerengere limodzi zomwe gululo limalimbikitsa, zoti phindu lisamatapidwe koma lizibwezeredwa momwemo. R3,000 ikamakula ndi 2 peresenti tsiku lililonse, pakutha pa chaka imapitirira R4 miliyoni. Funso langa kwa iye linali lakuti: “Alamu, munthu amene ali ndi makina osandutsa R3,000 kukhala mamiliyoni anayi, akufuniranji ndalama za inu wochapa ndi kusita? Bwanji osangokakongola kubanki n'kudya yekha?”

Yankho lake linali lomwe aliyense amapereka, lakuti gululo likulipira ndithu, ndipo iye anali atatapako kale R400 yomwe inalowadi m'manja mwake. Apa ndi pomwe ndikufuna kukhalitsa, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti kulipidwa ndi umboni woti malondawo ndi enieni, pomwe kulipira m'masiku oyamba ndiyo nyambo yeniyeni ya chinyengo cha mtundu wa Ponzi. Tiyerekeze kuti m'gulumo muli anthu 100 ndipo aliyense waika R3,000. M'thumba muli R300,000, ndipo mwini gulu ayenera kutulutsa R6,000 tsiku lililonse. Ngati palibe malonda alionse omwe akuchitika ndipo sipakubwera munthu watsopano, thumbalo liuma pakatha masiku 50. Kuti lisaume, pakufunika anthu awiri atsopano tsiku lililonse ongokwanira kulipira akalewo, komatu aliyense wolowa akuwonjezera R60 ina pa ngongole ya tsiku ndi tsiku, kotero kuti chiwerengero cha anthu ofunika chimangokwererakwerera mpaka anthu oti n'kukopedwa atatha. R400 yomwe mlamu wanga anatapa inali ndalama ya munthu wina amene analowa pambuyo pake, kapenanso inali gawo la R3,000 yake yomwe.

Munthu akamvetsa masamu amenewa, malamulo ena onse a gululo amayamba kumveka. N'chifukwa chake amalipira 10 peresenti kwa aliyense wobweretsa mnzake, ndipo amakweza paudindo amene wabweretsa anthu ambiri. Malonda enieni safuna kuti mubweretse azakhali anu kuti phindu lipezeke. N'chifukwa chakenso amayamikira kwambiri anthu osatapa, n'kumawalonjeza peresenti yokwera akatsekera ndalama zawo kwa miyezi itatu, popeza ndalama yomwe simunatape siwadyera kanthu: amangosintha nambala pa sikirini. Apu yomwe mlamu wanga ankaonerapo ndalama zake anaitenga kudzera pa linki yomwe adimini anatumiza m'gulumo, ndipo manambala onse a mmenemo amalembedwa ndi eni ake omwewo, monga momwe ine ndingalembere m'buku langa kuti muli ndi miliyoni pomwe m'bokosi mulibe kanthu.

Izi si zachilendo m'dziko muno. Dzina lakuti Ponzi linachokera kwa Charles Ponzi wa ku Boston, yemwe mu 1920 ankalonjeza phindu la 50 peresenti m'masiku 45. Amene tinali kuno mu 2016 tikukumbukira MMM ya Sergei Mavrodi, yomwe inkalonjeza 30 peresenti pa mwezi mpaka maakaunti a anthu anaimitsidwa. Kenako kunabwera Mirror Trading International ya Johann Steynberg, yomwe inkatenga Bitcoin ya anthu n'kumanena kuti ili ndi pulogalamu ya pakompyuta yochita malonda yokha. Bungwe loyang'anira ntchito za zachuma la FSCA linachenjeza anthu mu 2020 kuti kampaniyo ilibe layisensi yoyenera, inagwa mu Disembala chaka chomwecho, ndipo mwini wake anakagwidwa ku Brazil mu 2021. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti oyang'anira kuthetsedwa kwa kampaniyo anatsatira ngakhale anthu amene anatapa ndalama kuti abweze. Ndikunena izi kwa iwo amene amati akudziwa kuti ndi chinyengo koma alowa msanga n'kutuluka msanga.

Tsono ndinamupempha mlamu wanga kuti andionetse gulu lenilenilo, ndipo zomwe ndinaona ndi zomwe aliyense angafufuze pa foni yake lero lomwe. Nthawi zambiri olemba m'gulumo anali maadimini okha, ndipo akatsegula kuti ena alembe, munkangodzaza zithunzi za ndalama zolowa ndi mawu othokoza “aphunzitsi” omwe palibe anawaonapo maso ndi maso. Manambala a mafoni a othokozawo ambiri anali a mayiko ena. Mayi wina atafunsa chifukwa chomwe ndalama zake zachedwera, uthenga wake unafufutidwa ndipo iye anachotsedwa m'gulumo tsiku lomwelo, adimini n'kulengeza kuti safuna anthu a mtima woipa. Ndalama zinkatumizidwa ku akaunti ya kubanki ya munthu wamba, osati ya kampani, ndipo dzina la mwini akauntiyo linali litasintha katatu m'mwezi umodzi. Amene anafuna kuika zambiri ankauzidwa kuti agule ndalama ya kiripito yotchedwa USDT n'kuitumiza ku adiresi ina yake, ndipo ndalama ya kiripito ikangotumizidwa palibe banki yomwe ingaibweze.

Panalinso satifiketi yokongola ya kampani yomwe ankaitumiza m'gulumo mobwerezabwereza. Pamenepa anzathu ambiri amapusitsika, chifukwa pepala lokhala ndi chidindo timalipatsa ulemu. Kulembetsa kampani ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani, n'kotchipa ndipo aliyense akhoza kutero, koma pepalalo limangosonyeza kuti dzina la kampani lilipo, silipereka chilolezo chosunga kapena kuchulukitsa ndalama za anthu. Kuyambira mu Okutobala 2022, kiripito imawerengedwa ngati katundu wa zachuma m'malamulo a dziko lino, kotero amene akupereka uphungu kapena ntchito zokhudza kiripito ayenera kukhala ndi layisensi ya FSCA, yomwe imakhala ndi nambala ya FSP. Nambalayo mukhoza kuifufuza nokha pa tsamba la `fsca.co.za`, koma musangoona kuti ilipo: onani ngati dzina la kampani ndi lomwelo, ngati yaloledwa ntchito imeneyo, ndipo imbani foni ku kampaniyo pa nambala yomwe mwaipeza nokha, chifukwa akuba amakopera nambala ya FSP ya kampani yoona n'kuiika pa zithunzi zawo. Titafufuza nambala ya gulu la mlamu wanga, tinapeza kuti ndi ya kampani ina ya dzina losiyana.

Chomwe chimandipweteka kwambiri n'chakuti chinyengochi sichibwera ndi mlendo. Mlamu wanga analowetsedwa ndi mayi wa kwathu amene amapemphera naye mpingo umodzi, munthu wabwino amene nayenso ankakhulupirira ndi mtima wonse ndipo anaikamo ndalama za fizi ya ana ake. Ife tazolowera kukhulupirirana pa ndalama, chifukwa ambiri mwa ife mabanki satilandira mosavuta, ndiye timadalira chipereganyu, kapena kupatsira munthu wa basi ku Park Station kuti akatisiyire katundu ku Lilongwe. Koma chipereganyu n'chosiyana ndi izi: anthu khumi akamasonkha R1,000 aliyense, wolandira amatenga R10,000, palibe amene akulonjeza kuti ndalamayo ibereka, ndipo tonse timadziwana kumene tikukhala. Eni magulu a pa Telegram ndi WhatsApp amabwereka chikhulupiriro chimenechi, ndipo amadziwanso kuti amene mapepala ake sali bwino sangathamangire kupolisi akaberedwa. Ena mwa ife amene ali ndi akaunti ya kubanki amapemphedwa kuti azilandirira gululo ndalama n'kupatsidwa kangachepe, osadziwa kuti gulu likagwa dzina lomwe apolisi ndi oberedwa adzaliona ndi lawo.

Ndinamulangiza mlamu wanga kuti ayese kutapa ndalama zonse, osati phindu lokha ayi. Sikirini inkasonyeza R5,200, kuphatikizapo mphatso yomwe anamulembera chifukwa chobweretsa mnzake. Kwa masiku atatu anauzidwa kuti makina akukonzedwa, ndipo tsiku lachinayi anamuuza kuti ayambe walipira R1,040 ya msonkho, yomwe ndi 20 peresenti, kuti ndalama zake zimasulidwe. Ichi ndicho chizindikiro chomaliza ndipo sichiphonya. Msonkho wa dziko lino umalipidwa ku SARS, osati ku akaunti ya adimini wa gulu, ndipo kampani yomwe ikusungadi ndalama zanu ikhoza kungodula chindapusa chake pa ndalamazo popanda kukuuzani kuti mutumize zina. Iye anatsala pang'ono kukongola kuti alipire, chifukwa mtima sulola kuvomereza kuti R3,000 yapita, koma sanatero. Tinasunga zithunzi za mauthenga onse, manambala a maakaunti ndi malisiti, ndipo anakadziwitsa banki yomwe anatumizirako ndalamazo.

Patatha sabata ziwiri gululo linatsekedwa ndipo apu inasiya kutseguka. Mlamu wanga anataya R2,600, mayi amene anamulowetsa uja anataya zochuluka kuposa pamenepo, ndipo awiriwa sakulankhulana mpaka lero. Lachiwiri lapitali walandira uthenga kuchokera ku nambala yachilendo, wa munthu amene akuti ndi loya wothandiza anthu amene anaberedwa ndi gulu lija, ndipo akudziwa dzina lake ndi ndalama zenizeni zomwe anaika. Akuti akhoza kumubwezera zonse m'masiku awiri, bola ayambe watumiza R500 yotsegulira failo.