CHENJEZO KWA MAKOMITI OLEMBA ANTHU NTCHITO KUNO KU NTCHEU

Inu a makomiti a makopaletivu, kuyambira ku Tsangano mpaka pa Lizulu, ndimvereni. Mukulemba anthu ntchito mosasamala. Mnyamata akabwera ndi sivi yotayipidwa bwino, atamanga tayi, mumangomufunsa kuti kwawo n'kuti, amapemphera mpingo uti, basi mwamupatsa makiyi a nyumba yosungira katundu. Feteleza akasowa mumayamba kuloza mlonda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyererezo zimaoneka papepala lomwelo mukaliwerenga ndi pensulo m'manja.

Yambani ndi zaka. Wina walemba kuti anali pasukulu ku Blantyre kuyambira 2016 mpaka 2019, pomwe akutinso kuyambira 2017 anali woyang'anira sitoko ku Dedza tsiku ndi tsiku. Mwina ankaphunzira kumapeto kwa sabata, zimachitika. Koma chongani pamenepo, akakufotokozereni yekha. Onaninso dzina la sukulu pasatifiketi. Dzina loti MUBAS layamba mu 2021. M'mbuyomo inali Polytechnic, pansi pa University of Malawi. Munthu kulemba MUBAS pasivi si mlandu, ambiri amatero kuti amveke msanga, koma satifiketi ya 2018 yokhala ndi dzina la MUBAS pamwamba, imeneyo ikayikireni. Fotokope musamaikhulupirire, itanitsani pepala lenileni. Za MSCE mungatsimikize ku MANEB, ndipo ngati koleji simunaimvepo, a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ali ndi mndandanda wa masukulu ovomerezeka.

Tsopano mawu akuluakulu aja, amene amakusangalatsani inu: "Ndinayang'anira matumba 5,000 a chimanga." Musaombe m'manja, werengerani. Matumba 5,000 a makilogalamu 50 ndi matani 250. Lole ya matani 30 imanyamula matumba 600, ndiye kuti malole asanu ndi atatu adzadza, n'kutsalabe matumba 200. Katundu wotere sakhala m'kagolosale. Funso lanu lichokere pomwepo: nyumbayo inali yaikulu bwanji, matumbawo munkawasanja motani, pansi munkaikapo chiyani, nanga anankafumbwe munkathana nawo bwanji? Amene anagwiradi ntchitoyo sachedwa. Akuuzani za mapaleti, za mpata umene ankasiya pakati pa mulu ndi khoma kuti mphepo idutse komanso kuti athe kuwerenga, mwinanso adandaula za denga limene linkadontha. Wabodza amangobwereza zimene analemba, n'kuwonjezera kuti ndi wolimbikira ntchito.

Samalaninso ndi mawu oti "tinkachita". Mufunseni kuti, "Achimwene, inuyo panokha munkagwira chiyani? Ankasaina ndani katundu akamatuluka?" Ambiri amene amati anali oyang'anira, mukawatsata bwino, mupeza kuti ankangolemba zimene bwana wawo wawerenga.

Kenako mpatseni pepala ndi cholembera, osati nkhani. Nenani kuti Lolemba m'mawa munali matumba 200 a feteleza, kwabwera ena 120, kalabu ina yatenga 85, inanso 40. Alembe khadi la sitoko, losonyeza katundu wolowa, wotuluka ndi wotsala. Otsala ayenera kukhala 195. Akapeza, muuzeni kuti powerenga m'nyumbamo mwapezeka 192, ndiye atani? Apa ndi pamene ndimamvetsera kwambiri ine. Wodziwa ntchito anena kuti awerenganso muluwo ndi munthu wina, afananiza khadi ndi mapepala obwera ndi lole komanso osainira potulutsa, ndipo akalephera kuwapeza atatuwo alemba lipoti tsiku lomwelo. Amene angayankhe kuti angokonza nambala pakhadi kuti zigwirizane, musamupatse makiyi, ngakhale ali ndi digiri. Ngati walembanso kuti ndi katswiri wa Excel, mutsegulireni laputopu awerengetse zomwezo. Wosatha kulemba =SUM(B2:B10) aoneka nthawi yomweyo.

Mafunso amenewa muwalembe usiku intaviyu isanafike, mugawane kuti uyu afunsa za zaka, uyu za matumba, ndipo zochita za papepalazo zikhale zofanana kwa onse kuti pasakhale wodandaula kuti munakondera.

Chotsala ndi mboni zimene walemba kumapeto. Nambala imene wakupatsaniyo ikhoza kukhala ya msuweni wake amene wauzidwa kale zonena. Fufuzani nokha nambala ya kumene ankagwirako, kapena tumani munthu akafike, pa Dedza si patali. Musafunse ngati anali munthu wabwino, Mmalawi aliyense ayankha kuti eya. Funsani mwezi umene anayamba ndi umene anasiya, dzina la udindo wake, amene ankasunga makiyi, ndiponso ngati angamulembenso ntchito atabwerera. Akati kampaniyo inatsekedwa, apereke kalata yomulembera ntchito kapena mapepala a malipiro. Akalephera zonsezo, zaka zimenezo musaziwerengere pomupatsa malikisi.